Mzere wakwera pa foni: kodi nthawi yosintha marandi yakwana?

Aliyense amene ali ndi mbale wake ku Joni amachidziwa chithunzichi. Chimafika pa WhatsApp usiku, munthu atachijambula pa foni yake: mzere wobiriwira wokhotakhota ngati msewu wokwera phiri la Ntchisi, ndipo pansi pake pali funso loti randi yakwera, kodi nditumize kapena tidikire kaye. Amene wachilandira, kaya amagulitsa pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo, ayenera kuyankha kukacha. Ndalama zimene akukambiranazo si zoseweretsa. Nthawi zambiri ndi mpamba wonse wa geni, wosonkhanitsidwa kwa miyezi yambiri.

Mzere umenewu umatchedwa tchati, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, kusonyeza mmene mtengo wosinthira ndalama, umene ambirife timangoti reti, wayendera masiku apitawa. Sunena za mawa. Komabe munthu wodziwa kuuwerenga amapezamo chinthu chothandiza kwambiri. Amadziwa kuti kudikira kungamubweretsere makwacha angati, ndipo akatero amatha kuyerekeza phindulo ndi zimene angataye podikira.

Kuti nkhani imveke, tiyerekeze mayi wogula ndi kugulitsa soya pa Mponela. Mwana wawo amagwira ntchito ku Joni ndipo wawasungira R6,000. Ndi mwezi wa Meyi, alimi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akutsitsa soya pa njinga, ndipo mayiwa akufuna ndalamazo kuti agule mbewu mtengo usanakwere. Mwana uja watumiza chithunzi cha mzere wokwera, akuti adikire milungu iwiri chifukwa randi ikupitabe m'mwamba. Manambala a chitsanzochi ndi ongoyerekeza, koma masamu ake ndi omwewo amene mungachite ndi manambala anu.

Yambani ndi zilembo za pamwamba

Diso limathamangira ku mzere, koma poyambira penipeni ndi pa zilembo zimene zili pamwamba pa chithunzi. Ndalama iliyonse ili ndi zilembo zitatu. Kwacha ya Malawi ndi `MWK`, randi ndi `ZAR`, dola ya ku America ndi `USD`. Mukaona `ZAR/MWK` kapena `ZAR to MWK`, tchatiyo ikunena makwacha amene mungapeze pa randi imodzi. Ndalama yolembedwa poyamba ndiye katundu, yachiwiri ndiye mtengo wake, monga mmene timanenera kuti soya kilo imodzi ndi makwacha akutiakuti. Mzere ukakwera, randi yadula ndipo kwacha yafooka. Kwa mayi athu amene ali ndi marandi, kukwerako n'kwabwino. Kwa mnzawo amene akufuna marandi kuti akapikule katundu ku Joni, mzere womwewo ndi uthenga woipa.

Nthawi zina wojambula amatembenuza mosadziwa, n'kutumiza `MWK/ZAR`. Pamenepo zonse zasinthana, ndipo mzere wokwera ukutanthauza kuti kwacha ndiye yalimba. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona, chifukwa nambala imakhala yaing'ono kwambiri, yoyamba ndi 0.01. Musadalirenso mtundu wa mzere. Wobiriwira umangotanthauza kuti nambala yakwera pa masiku asonyezedwawo, wofiira kuti yatsika. Foni siidziwa ngati inu mukugula kapena kugulitsa.

Palinso msampha wina wa kwathu kuno. Zambia nayo ndalama yake ndi kwacha, ndipo zilembo zake ndi `ZMW`. Munthu akalemba mawu oti kwacha pofufuza, foni ikhoza kumubweretsera ya ku Zambia. Mukaona dola imodzi ikusinthidwa ndi makwacha osafika 50, dziwani kuti chithunzicho ndi cha anzathu a ku Chipata.

Masiku ali pansi, ndipo chithunzi chimakalamba

Kenako yang'anani m'munsi mwa tchati. Kumanzere kuli masiku akale, kumanja kwenikweni kuli tsiku limene chithunzicho chinajambulidwa. Tsiku limenelo si lero ayi. Chithunzi chojambulidwa pa foni sichisintha, chimakhala chomwecho ngakhale chizungulire m'magulu a WhatsApp kwa miyezi itatu. Ngati tsiku lomaliza silikuoneka, kapena wina wadula m'munsi mwa chithunzi, chisiyeni. Pemphani amene watumizayo ajambulenso pomwepo, zilembo za pamwamba ndi masiku a pansi zonse zikuoneka.

Pafupi ndi mzere pamakhala timabatani tolembedwa `1D`, `1M`, `1Y` ndi `5Y`, ndipo kamodzi kamakhala kowala kuposa tinzake. Timeneti tikunena kutalika kwa nthawi: tsiku limodzi, mwezi umodzi, chaka chimodzi, zaka zisanu. Reti yomweyo imaoneka mosiyana pa batani lililonse. Pa `1D` mzere ungathe kuoneka ngati wagwera m'chigwa, pamene pa `1Y` kugwako sikuoneka n'komwe.

Chithunzi cha mayi athu chili pa `1M`. Choyamba ayenera kupempha mwana wawo adine `1Y` n'kutumizanso. Akachita zimenezi adzaona ngati randi inafikapo kale pamene ili lero, ndi zimene zinatsatira. Mzere wa randi ukakhala kuti chaka chonse wakhala ukukwera ndi kutsika pakati pa manambala awiri omwewo, ndiye kuti kukwera kwa mwezi uno si chiyambi cha ulendo wautali. Ndi funde limodzi mwa ambiri.

Phiri lalitali, manambala ochepa

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. M'mbali mwa tchati muli manambala okwera m'mwamba ngati a pa sikelo. Manambalawa sayambira pa ziro. Foni imatenga nambala yotsikitsitsa ndi yokwereretsa ya masiku amenewo n'kuzitambasula kuti zidzaze chithunzi chonse. Chifukwa chake kusintha kwakung'ono kumaoneka ngati phiri.

Pa chithunzi cha mayi athu, nambala ya pansi ndi 93 ndipo ya pamwamba ndi 98. Mzere wayambira pa 94 kumanzere n'kuthera pa 97 kumanja. Pamaso ukuoneka ngati wachoka pansi n'kufika pafupi ndi denga, koma kukwera konseko ndi K3 pa randi imodzi, mwezi wathunthu. Tsopano tichulukitse ndi ndalama zimene zilipo. R6,000 pa reti ya 94 ndi K564,000. Pa reti ya 97 ndi K582,000. Kusiyana kwake ndi K18,000, kapena tinene K3 pa K100 iliyonse.

Masamu amenewa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Tengani nambala ya kumanja, chotsanipo ya kumanzere, zotsalazo chulukitsani ndi ndalama zanu. Mukatero mzere uja usanduka makwacha amene mungawawerenge m'manja. K18,000 ndi ndalama ndithu, koma si phiri limene diso linaona.

Mukaonanso pa tchati kamzere kowongoka ngati msomali, kolumpha tsiku limodzi n'kubwerera pomwepo mawa lake, musakawerengere. Kwacha ndi ndalama imene siigulitsidwa kwambiri pa misika ya kunja, ndipo nthawi zina makina amene amasonkhanitsa maretiwa amatola nambala yolakwika. Palibe amene anasintha ndalama pa reti imeneyo.

Reti ya pa chithunzi si imene mudzalandire

Mukalowa m'banki kapena pa malo ovomerezeka osinthira ndalama, pa bolodi pamakhala manambala awiri. Pansi pa `Buying` pali mtengo umene iwo amagulira ndalama yanu yakunja, ndipo pansi pa `Selling` pali umene amakugulitsirani. Woyamba ndi wotsika, wachiwiri ndi wokwera, ndipo kusiyanako ndiko phindu lawo, monga mmene inunso mumagulira soya kwa mlimi pa mtengo wina n'kukagulitsa ku Lilongwe pa mtengo wina. Matchati ambiri a pa foni amasonyeza nambala ya pakati pa iwiriyi. Nambala imeneyo palibe amene amapatsidwa.

Ndalama zochokera ku Joni nthawi zambiri zimadzera kwa otumiza monga Mukuru, ndipo aliyense wa iwo amakhala ndi reti yakeyake ya tsikulo. Pamwamba pa reti pali chindapusa chotumizira chimene amalipira wotumizayo, ndipo ngati ndalamazo zalowa mu Airtel Money kapena TNM Mpamba, pali chinanso chotapira kwa ejenti. Choncho funso loyenera kwa mwana uja si loti reti ili pa zingati. Funso n'lakuti, ukatumiza R6,000 lero, makwacha ofika kuno ndi angati, zonse zitachotsedwa. Foni yake imamuonetsa nambala imeneyo asanalipire. Imeneyo ndiye ayijambule n'kutumiza, chifukwa ndiyo imagula soya.

Tchati siisonyezanso reti ya pa msika wamseri, imene ambiri amamva kwa anzawo ndipo imakhala yokwera kwambiri kuposa ya kubanki pamene ndalama zakunja zikusowa. Pali zinthu ziwiri zoti wamalonda adziwe pa retiyi. Choyamba, malamulo a dziko lino amalola mabanki ndi malo opatsidwa chiphaso ndi Reserve Bank of Malawi okha kusintha ndalama zakunja, ndipo wopita kumseri alibe kokadandaula akapatsidwa ndalama zachinyengo kapena akalandidwa. Chachiwiri, mitengo ya katundu wochokera kunja, monga mabelo a kaunjika ndi zipangizo za njinga zamoto, kawirikawiri imatsata reti yamseriyo. N'chifukwa chake mzere wa pa foni umatha kugona osasuntha pamene katundu ku holoselo akukwera mlungu ndi mlungu.

Mzere wa dola umayenda ngati masitepe

Amene wasunga madola, kaya ndi otumiziridwa ndi mbale kapena ali mu akaunti ya ndalama zakunja kubanki, ayenera kudziwa kuti tchati ya `USD/MWK` ili ndi khalidwe lakelake. Mukadina `5Y` simudzaona mafunde. Mudzaona masitepe. Mzere umagona kwa nthawi, kenako umalumpha tsiku limodzi, n'kugonanso. Izi zili choncho chifukwa reti ya kubanki imasuntha kwambiri pokhapokha banki yaikulu ikalengeza.

Masitepe ake ndi odziwika. Pa 27 Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 mtengo wogulitsira dola unachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kukwera kwa 44 peresenti. Mu Malichi 2024 unasunthanso pang'ono kufika pa K1,751, ndipo unagona pamenepo kwa nthawi yoposa chaka.

Taonani sitepe ya Novembala 2023. Munthu amene anali ndi madola 300 n'kuwasintha pa 8 Novembala analandira ndalama zosapitirira K354,000. Mnzake amene anadikira masiku awiri okha analandira pafupifupi K510,000. Kusiyana kwake kunaposa K150,000. Nanga tchati inachenjeza? Miyezi ya m'mbuyo mwake mzere unkakwera pang'onopang'ono, koma panalibe chilichonse pa chithunzi chosonyeza tsiku kapena kutalika kwa sitepeyo. Zizindikiro zinali kunja kwa foni: mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta, kusowa kwa madola m'mabanki, mpata waukulu pakati pa reti ya kubanki ndi yamseri, komanso zokambirana za boma ndi bungwe la IMF, limene linavomereza ngongole yake pakati pa mwezi womwewo. Ngakhale zizindikiro zimenezi sizitchula tsiku. Zimatha kuoneka kwa chaka chathunthu popanda sitepe yatsopano, ndipo wodikira sitepe amakhala atamanga mpamba wake nthawi yonseyo.

Palinso mbali ina imene anthu amaiwala akamasimba nkhani ya Novembala. Mlungu womwewo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mitengo ya maulendo ndi katundu inatsatira. Amene anadikira uja sanalemere. Makwacha ake anachuluka, koma katundu amene akanagula anali pafupifupi yemwe uja. Chimene anapindula n'chakuti sanataye. Amene anasintha pa 8 Novembala n'kugula feteleza kapena katundu wa m'golosale tsiku lomwelo, pa mitengo yakale, nayenso sanataye kwenikweni. Woluza anali wachitatu, amene anasintha madola n'kusunga makwachawo m'nyumba.

Zimenezi zikutithandizanso kumvetsa tchati ya mayi athu. Ngati mzere wa dola wagona, n'chifukwa chiyani wa randi ukugwedezeka? Yankho n'lakuti reti ya randi ku kwacha imadzera pa dola. Tengani mtengo wa dola m'makwacha, mugawe ndi mtengo wa dola m'marandi. Dola ikakhala pa K1,750 kuno ndi R18.60 ku Joni, randi imakhala pafupifupi K94. Dola ikatsika ku Joni kufika pa R18.00, randi imakhala pafupifupi K97, kwacha isanasunthe n'komwe. Choncho kukwera kumene mwana uja waona kwachokera ku misika ya ndalama ya ku South Africa ndi kunja, komwe randi imakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Mlungu wamawa ingathe kubwerera pa 94 popanda kutsanzika.

Akuluakulu a kuno, kumene fodya ndi mbewu yodziwika, ali ndi lamulo lawo lakale. Amati msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma cha mu Epulo, madola amalowa ndipo kwacha imalimba, kenako imafooka kumapeto kwa chaka pamene dziko likuitanitsa feteleza. Lamuloli linali loona pamene kwacha inkayenda yokha itamasulidwa mu Meyi 2012, ndipo pa tchati ya 2013 chigwa cha nyengo ya fodya chimaoneka bwino. Koma pamene reti ya kubanki yagona malo amodzi, fodya abwere kapena asabwere, mzere sugwedezeka. Musadikire chigwa chimene tchati ya `1Y` siikusonyeza.

Kudikira kuli ndi mtengo wake

Tibwerere kwa mayi athu. Tinene kuti chithunzi chatsimikizika: ndi `ZAR/MWK`, chajambulidwa lero, ndipo randi ili pa 97. Mwana wawo akuganiza kuti m'milungu iwiri ifika pa 100. Tivomereze kuti walosera bwino, ndipo kuti masamu aphweke tisiye kaye zindapusa pambali chifukwa zidzakhalapo lero ngakhalenso m'tsogolo.

Akatumiza lero, R6,000 pa 97 ndi K582,000. Soya akugulidwa kwa alimi pa K1,000 pa kilo, ndiye kuti mayiwa agula makilo 582. Akadikira milungu iwiri n'kupeza reti ya 100, alandira K600,000. Koma mavenda ochokera ku Lilongwe akhala atafika ndi malole awo, ndipo soya wafika pa K1,100. K600,000 igula makilo 545 okha. Apindula K18,000 pa reti, koma ataya makilo 37, omwe pa mtengo watsopanowo ndi ndalama zoposa K40,000. Izi zachitika pamene ulosi wa mwana uja wakwaniritsidwa. Randi ikanabwerera pa 94, akanalandira K564,000 n'kugula makilo 512 basi.

Muyezo wake ndi wotere. Yang'anani kuti pa tchati reti imasuntha makwacha angati pa K100 iliyonse m'mwezi, kenako yang'anani kuti katundu amene mukufunayo amasuntha angati pa nthawi yomweyo. Chimene chikuthamanga kwambiri ndicho chilamule. Pa nyengo yokolola, soya, mtedza ndi chimanga nthawi zambiri zimathamanga kuposa randi. Pamenepo tchati yachita kale ntchito yake, yakuuzani kuti kudikira n'kopanda pake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nkhani imasintha ngati ndalamazo zilibe ntchito pakali pano. Tinene kuti R6,000 ija ndi ya feteleza wa mu Okutobala kapena ya fizi ya mwana ya mu Seputembala. Kuisandutsa makwacha mu Meyi n'kungoiika m'foni ndiko kulakwa kumene wachitatu uja anachita, chifukwa mitengo ya zinthu kuno yakhala ikukwera mofulumira kuposa ku South Africa. Ndi bwino kuisiya m'marandi, pamalo otetezeka monga mu akaunti ya kubanki ya mwanayo, mpaka nthawi yogula itayandikira. Njira ina ndiyo kuisintha n'kugula fetelezayo pomwepo ngati akupezeka pa mtengo wabwino ndipo muli ndi posunga pouma.

Ngati mutu wakula ndipo simukudziwa kolowera, gawani pawiri. Mwana atumize R3,000 lero, ina R3,000 pakatha milungu iwiri. Simudzapeza reti yabwino koposa, komanso simudzagwera pa yoipitsitsa. Muwerengere kokha kuti zindapusa za kutumiza kawiri zisadye K9,000 imene theka lachiwirilo lingapindule.

Amene akuyenda njira yobwerera, amene ali ndi makwacha ndipo akufuna marandi kapena madola kuti akapikule katundu, awerenge tchati yomweyo mozondoka. Kwa iwo nambala yofunika ndi ya `Selling`, ndipo funso lalikulu kuposa reti ndi lakuti kodi banki ili nazo ndalamazo. Mzere wogona pa foni sutanthauza kuti dola ikupezeka pa mtengo umenewo. Fikani kubanki msanga ndi mapepala a ulendo kapena a katundu amene mukuitanitsa, mumve kuti mudzadikira masiku angati, kenako muike tsiku la ulendo.

Choncho chithunzi chikafikanso usiku uno, mayi athu ali ndi zoti ayankhe. Apemphe china chojambulidwa pomwepo, chosadulidwa, chimodzi pa `1M` china pa `1Y`, komanso nambala ya makwacha ofika m'manja. Kukacha afunse mtengo wa soya pa sikelo za pa Mponela, n'kufunsanso mmene unalili mlungu watha. Manambala amenewa akawalemba pa chikatoni chimodzi, moyandikana, adzaona okha ngati akutumizitsa lero kapena ayi.